Alamu anga ndi alamu ya pa foni

Alamu anga a ku Masasa amakapikula tomato ku Jenda. Tsiku lina anawaimitsa pa rodibuloko, ati inshuwalansi ya galimoto inatha dzana. Pomwe nkhani imatha, tomato yense anali phala!

Abale anzanga, pepala silikuwa likamatha. Ndiye ndinawauza kuti alembe m'kope tsiku lothera chilichonse: inshuwalansi, laisensi ya bizinesi ya ku khonsolo, ngakhale GOtv. Kenaka atchere alamu pa foni, izilira 6 koloko m'mawa uliwonse. Ikalira, atsegule kope.

Funso lake lisakhale loti, "Kodi lero kwatsala masiku 30?" Ayi. Lizikhala loti, "Nchiyani chatsala ndi masiku 30 kapena ochepera apo?" Tinene kuti inshuwalansi ikutha pa 30 Juni. Chenjezo liyambe pa 31 Meyi, nkumabwera tsiku ndi tsiku mpaka mutalipira. Mukadalira tsiku limodzi lokhalo, foni nkuzima poti magetsi kulibe, basi chenjezo lapita.

Mukaona m'kope, chongani deti. Pakasowa chochonga, dziwani kuti mlonda wanu anagona. Mukalipira, lembani deti latsopano pompo.