Kapepala ka Fataleza Kalankhule Ngati Munthu

Mvula ikayandikira, m'masitolo a pa Kacholola, pa Nyimba ndi pa Petauke mumafika timapepala tokongola ta makampani ogulitsa fataleza ndi mbeu. Mlimi amalandira kapepalako mwaulemu, nakapinda, nakaika m'thumba. Koma akafika kumunda amathira fataleza monga anaonera kwa mnansi wace, cifukwa mau a pa kapepala sanamuuze kanthu. Mlandu suli pa mlimi ai. Uli pa wolemba amene analembera akatswiri anzace naiwala wogula.

Nthenda yoyamba ya timapepalati ndiyo mau a ukatswiri. Kapepala kangathe kunena kuti: "Fataleza wa D ayenera kuthiridwa pa mlingo wa makilogramu 200 pa hekitala m'nyengo ya kubzala." Mlingowo ngwoona, koma ndani pa mudzi amene ali ndi sikelo kumunda? Mlimi amawerenga matumba, ndipo thumba limodzi limalemera makilogramu 50. Motero makilogramu 200 ndiwo matumba anai.

Hekitala nayo imasokoneza, pakuti ambiri amaiyesa ekala, pamene hekitala imodzi ili pafupi ndi maekala awiri ndi theka. Wothira matumba anai pa ekala amataya ndalama zace, popeza pa ekala pangofunika thumba limodzi ndi theka ndi pang'ono pamwamba.

Mankhwala a bvutoli Zambia anawapeza kale. Ca m'ma 1980 Boma linafalitsa cilinganizo ca Lima, cimene cinasandutsa malangizo a akatswiri kukhala miyeso ya munda waung'ono. Lima imodzi ndiyo gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ndiye kuti mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Wolemba wanzeru atsate njira yomweyo, nalembe kuti: "Pa lima imodzi ya cimanga thirani thumba limodzi la fataleza wapansi pobzala."

Nthenda yaciwiri njobisika koposa. Ndiyo mau otha ndi "-idwa" kapena "-edwa", monga kuthiridwa, kubwezedwa ndi kuyesedwa. Mau otere amachula nchito koma amabisa mwini nchito. Kapepala kakanena kuti "Fataleza wapamwamba adzathiridwa cimanga cikakula", mlimi sadziwa ngati ndi lamulo kwa iye kapena ndi nkhani cabe, ndipo sadziwa kukula kwace nkotani. Mau oongoka ndi awa: "Cimanga cikafika m'mabondo, thirani thumba limodzi la yureya pa lima imodzi. Thirani pamene nthaka ili yonyowa, pambali pa phesi, ndipo kwirirani." Apa wocita wadziwika, nthawi yadziwika, mlingonso wadziwika. Kukwirirako kuli ndi cifukwa cace: yureya wosiyidwa poyera pa nthaka yotentha amataya mphamvu yace mumpweya.

Ngozi imakula pa mau okhudza ndalama. Pansi pa kapepala pangalembedwe kuti: "Matumba oonongeka adzabwezedwa." Adzabweza ndani? Kodi mlimi ndiye adzanyamula thumba pa njinga kubwerera nalo kusitolo, kapena kampani ndiyo idzabweza ndalama? Pa tsiku la mkangano mau otere amateteza wogulitsa yekha. Kampani yoona mtima imadzichula yokha, ndi kunena kuti: "Mukapeza thumba long'ambika kapena louma ngati mwala, bwererani nalo kusitolo pamodzi ndi risiti. Ife tidzakupatsani lina." Kampani ikakana kulemba motero, ndiye kuti sinafune kulonjeza kanthu, ndipo wogula acenjere.

Komabe kuongola mau kuli ndi malire. Dzina lolembedwa pa thumba lisacotsedwe, cifukwa ndilo limene mlimi adzafuna m'sitolo. Manambala 10-20-10 a pa thumba la D akhalepo, koma pambali pace pakhale mzere umodzi wonena kuti uyu ndiye fataleza wapansi wolimbitsa mizu. Ndiponso "-idwa" sacimwa paliponse: kunena kuti fataleza anapangidwa ku Kafue sikusoceretsa munthu, popeza palibe nchito imene wowerenga ayenera kucita. Mauwa acotsedwe pamene pali lamulo kapena lonjezo.

Kapepala kasanapite kukasindikizidwa kayesedwe pa anthu eni ace. Ku Nyimba ambiri amalankhula Cinsenga pakhomo, ndipo Cinyanja ca m'buku anaciphunzira kusukulu; nkalamba zina zimadalira mdzukulu kuziwerengera. Wolemba awerengere mlimi mmodzi mokweza, kamodzi kokha, ndipo asamufunse ngati wamva, pakuti waulemu aliyense adzabvomera. Amufunse kuti: "Nanga bambo, mawa mudzathira matumba angati, ndipo liti?" Yankho likalakwika, wobwerera ku nchito ndi wolemba.