"Eventually" wa mnzanga sanali "eventually" wanga

Chaka chatha, semesita isanayambe, ine ndi mnzanga wina tinkasaka chipinda ku Chikanda choti tizigawana lendi. Mnzangayu anakulira ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique. Chichewa amachiyankhula kuposa ine, koma pulayimale ndi sekondale anaphunzira m'Chipwitikizi, Chingerezi anachitola ali wamkulu kale. Chipinda nditachipeza, mwini nyumba anati ndiperekeretu K80,000 kuti asapatse wina. Ndinamulembera mnzangayo pa WhatsApp, m'Chingerezi monga timachitira ife a pakoleji tikafuna kuti nkhani ioneke yolemera. Yankho lake linali lalifupi: "I will eventually pay half."

Ine ndinamva kuti theka lake apereka ndithu, kungoti achedwerapo. Ndinakongola, n'kulipira zonse. Patatha masabata atatu anandiuza mosatekeseka kuti wapeza malo kwa msuweni wake. Nditamuonetsa uthenga uja, anadabwa kuti ndakwiyiranji. Iye m'mutu mwake munali liwu la Chipwitikizi, "eventualmente", limene kwawoko limatanthauza kuti mwina, ngati zinthu zingalole. Anandiuza kuti "mwina ndilipira theka". Ine ndinawerenga kuti "pamapeto pake ndilipira theka". Palibe ananama, koma K40,000 inatsala pamutu panga.

Ndikafotokoza nkhaniyi, anzanga ambiri amaseka n'kunena kuti zimenezi ndi tinthu ting'onoting'ono, munthu amamva tanthauzo poona mmene nkhani ikuyendera. Amenewa ndi amene ndikulimbana nawo lero, chifukwa akulakwitsa, ndipo akulakwitsa pamalo oopsa.

Munthu akalemba kuti "he go to town", aliyense amaona kuti pali cholakwika, amakonza mumtima n'kupitiriza. Kulakwitsa kotere n'kowawa m'khutu koma sikupweteka munthu. Chiganizo cha mnzanga chija chinalibe chilema chilichonse. Galamala yake inali yoongoka, mphunzitsi aliyense akanachichonga. Nanga nkhaniyo ikanandithandiza bwanji, pamene matanthauzo onse awiri ankakwana bwinobwino pamalopo? Munthu amene akulonjeza ndi munthu amene akukayika onse angayankhe funso la ndalama ndi mawu asanu. Mawu oterewa sakuwa akamakupweteka. Wolemba amagona tulo poganiza kuti wamveka, wowerenganso amagona poganiza kuti wamva.

Chimene chimasokoneza n'chakuti mawuwa ndi apachibale enieni, sikuti anangofanana nkhope mwangozi. Onse anachokera ku liwu la Chilatini, "eventus", lotanthauza chotsatira kapena chochitika. Chingerezi chinatenga mbali yakuti chinthucho chidzachitika kumapeto. Chifalansa ndi Chipwitikizi zinatenga mbali yakuti chinthucho chingathe kuchitika. Ndipo Chingerezi chomwecho sichinatayiretu tanthauzo linalo, chifukwa "eventuality" ndi chinthu chimene mwina chingagwe. Ndiye munthu amene wasokoneza si mbuli. Waganiza mwanzeru, kungoti chinenerocho n'chimene chinapatuka panjira.

"Actually" nayenso ali ndi msampha wake. M'Chifalansa muli "actuellement", m'Chipwitikizi muli "atualmente", ndipo onsewa amatanthauza kuti pakadali pano. Wa Chingereziyu alibe nazo ntchito za nthawi. Iye amatanthauza kuti zoona zake, kwenikweni, ndipo kawirikawiri amabwera pamene ukuwongola zimene mnzako wanena kapena akuganiza. Tsono taganizirani wophunzira wochokera ku Congo kapena ku Burundi, monga ambiri amene anakulira ku Dzaleka, akulembera mphunzitsi amene akumuyang'anira pa kafukufuku wake: "Actually I am working on chapter two." Iye akungopereka lipoti kuti panopa ali pa mutu wachiwiri. Mphunzitsi akumva mwana akumutsutsa, ngati akuti "ayi bwana, zimene mukuganizazo si zoona". Liwu limene ankafuna ndi "currently". Palibe adzamuuze. Adzangodabwa kuti mayankho a mphunzitsi ayamba kuzizira.

Apa ife a kuno tisadzitame ayi. Sitinasokonezedwe ndi Chipwitikizi, koma "actually" tinamusandutsa mchere wothira paliponse. Mverani pa zokambirana za m'kalasi: munthu kungoimirira, "actually" watsogola, pamene palibe amene wanena kanthu koti katsutsidwe. Pakati pathu zimadutsa. Pa intaviyu ya ntchito, wofunsa akakufunsa kumene unaphunzira iwe n'kuyamba ndi liwuli, umamveka ngati ukumudzudzula kuti funso lake ndi lopotoka.

"Sensible" ndiye amatha kusandutsa chenjezo kukhala chiyamikiro. M'Chingerezi, munthu wotere ndi woganiza bwino, wochita zinthu mofatsa. M'Chifalansa liwu lolembedwa chimodzimodzi, komanso "sensível" wa Chipwitikizi, amanena za munthu wosachedwa kukhudzidwa mumtima, amene Chingerezi chimati "sensitive". Wina akakunong'oneza kuti "be careful, she is very sensible", n'kutheka akukuuza kuti uyankhule mosamala chifukwa mtsikanayo sachedwa kukhumudwa, iwe n'kupita ndi mawu okhadzula poganiza kuti wanzeru sakwiya ndi chilungamo. Amene anawerengapo buku la Jane Austen la mu 1811, "Sense and Sensibility", akudziwa kuti m'mutu wa bukulo liwu lachiwirilo likunena za mtima wokhudzika, osati nzeru. Ngakhale Angerezi eni ake banja la mawuli linawagawanikira m'manja.

Mankhwala amene timapatsidwa m'kalasi ndi mndandanda: liwu la Chifalansa uku, la Chingerezi uku, lowezani, Lachisanu mayeso. Ine ndikuti mndandandawu ndi wopanda mphamvu. Mnzanga uja anauloweza kalekale, ndipo nditamufunsa anandilakatulira wonse. Koma pamene ankalemba uthenga mothamanga, dzanja linatenga liwu limene linali pafupi. Kuika mawu awiri ofananawo moyandikana papepala kumangolimbitsa ubale wawo m'mutu.

Chimene chinatithandiza ife awiri ndi chinenero chimene aphunzitsi amatiuza kuti tichisiye pakhomo la kalasi. M'Chichewa matanthauzowa safanana ngakhale pang'ono, ndiye sangabisalirane. "Mwina" ndi "pamapeto pake" palibe angawasokoneze. "Panopa" ndi "zoona zake" ndi mawu otalikirana. "Wanzeru" ndi "wosachedwa kukhumudwa" ndi anthu awiri osiyana. Choncho usanatumize chiganizo chokhala ndi limodzi la mawu atatuwa, chinene kaye m'Chichewa. Chikatuluka ndi "mwina", lemba "possibly" kapena "I might". Chikatuluka ndi "panopa", lemba "currently". Wowerenganso ali ndi udindo wake, ndipo apa mlandu ndi wanga. Ndinkadziwa kuti mnzanga anaphunzira m'Chipwitikizi. Funso limodzi lokha, "ukutanthauza kuti upereka ndithu kapena mwina?", likanatha masekondi khumi.

Chimene chimandipwetekabe n'chakuti tonse awiri tinayamwa Chichewa. Tikakhala pa chiwaya timacheza m'Chichewa mpaka usiku. Koma itafika nkhani ya ndalama, imene inkafunika kumvana kwenikweni, tonse tinathawira ku chinenero chimene aliyense wa ife anachilowera pa khomo lakelake.

Chipinda chija ndinapeza wina wogawana naye patatha mwezi. Mnzangayo anandibwezera K15,000, akuti ya chisoni osati ya ngongole, ndipo mpaka lero amakana kuti analonjeza.