Ejenti akadandaula za komishoni, muonetseni samu yonse

Makampani ambiri amene amagulitsa katundu kudzera mwa maejenti ali ndi yankho limodzi lomwe amapereka ejenti akadandaula kuti komishoni yake yaperewera. Amalemba kuti: "Taonanso m'mabuku athu ndipo ndalama imene munalandira ndi yolondola malinga ndi mgwirizano." Nthawi zambiri mawuwa amakhala oona. Koma ejenti akawawerenga sapezamo choti agwire, chifukwa iye ali ndi samu yake m'kope ndipo kalatayo sinaikhudze n'komwe. Maganizo anga ndi akuti yankho la madandaulo a komishoni lizilembedwa moti ejentiyo, atatenga kalikuleta ndi mainvoisi ake, athe kuyenda yekha kuchokera pa ndalama imene ankayembekezera mpaka pa ndalama imene analandira.

Nkhani imene ndikufuna tiione ndi ya holoselo ina ya mafuta ophikira ndi sopo, imene ili ndi ejenti woyenda m'magolosale a ku Thyolo ndi Mulanje. Mgwirizano wawo umati iye azilandira 5 peresenti ya mtengo wa katundu, osaphatikiza msonkho wa VAT, ndipo komishoniyo izituluka pa katundu yekhayo amene ogula alipira. M'mwezi wina mainvoisi ake onse anakwana K11,650,000. Iye atawerengera 5 peresenti ya ndalamayi anapeza K582,500, koma mu akaunti yake munalowa K270,000. Analemba mokwiya kuti amubera K312,500. Akauntanti wa holoseloyo anakonza yankho la mizere iwiri longa lija ndatchula, ndipo mwini bizinesi asanasaine anandipempha kuti ndilione.

Chimene ndinawauza choyamba n'chakuti samu iyambire pa nambala ya ejentiyo. Ambiri amayambira pa nambala yawo, n'kumafotokoza kuchokera pakati, ndipo wowerenga amatayika pa mzere woyamba chifukwa akuona ndalama imene sakuidziwa. Ejentiyu ankadziwa K11,650,000, ndipo sankanama. Choncho kalata yatsopano inayamba ndi kuvomereza zimenezi: "Bambo, talandira kalata yanu. Tikugwirizana nanu kuti mainvoisi anu a mwezi watha akukwana K11,650,000, ndipo taika mndandanda wake kumapeto kwa kalatayi. M'munsimu tikuonetsa mmene tinafikira pa K270,000. Tikupempha kuti muone mzere uliwonse." Munthu akaona kuti pali pamene mukugwirizana naye, amawerenga zotsatira ndi mtima wofuna kumva.

Kenaka panabwera samu yeniyeni, chinthu chimodzi pa mzere uliwonse:

1. Mainvoisi onse, kuphatikiza VAT: K11,650,000
2. Kuchotsa VAT ya 16.5 peresenti, 11,650,000 ÷ 1.165: K10,000,000
3. Kuchotsa katundu wobwezedwa wa K600,000: K9,400,000
4. Kuchotsa K1,400,000 imene ogula sanalipire: K8,000,000
5. Komishoni ya 5 peresenti: K400,000
6. Kuchotsa msonkho wa 20 peresenti, K80,000: K320,000
7. Kuchotsa adivansi ya K50,000: K270,000

Mzere wachiwiri ndi umene umafuna mawu ambiri, ndipo ndi pamene ngakhale akalaki a m'maofesi amapunthwa. Pa nthawi ya nkhaniyi VAT inali 16.5 peresenti. Ndalama imeneyi wogula amailipira pa invoisi, koma si ya holoselo. Holoselo imangoitolera m'malo mwa bungwe lotolera misonkho la MRA, n'chifukwa chake mgwirizano sunaiike pa komishoni. Pochotsa VAT pa mtengo umene uli nayo kale, timagawa ndi 1.165. Amene angochotsa 16.5 peresenti pa K11,650,000 apeza K9,727,750, ndipo adzakhala atamudula ejenti komishoni yoposa K13,600 mosadziwa. Njira yodziwira ngati mwachita bwino ndi yobwerera m'mbuyo: tengani yankho lanu, onjezanipo VAT, muone ngati mwafikanso pa ndalama ya pa invoisi. K10,000,000 mukaionjezera K1,650,000 ikubwerera pa K11,650,000 ndendende. Kalatayo inalemba kubwereraku kuti ejenti adziyesere yekha. Mlingo wa msonkho boma limasintha, choncho lembani mlingo umene unagwira ntchito pa tsiku la invoisi.

Mzere wachitatu ndi wachinayi sufuna samu yovuta, koma umafuna umboni. Kungolemba kuti "katundu wobwezedwa K600,000" n'kupempha ejenti kuti akukhulupirireni pa nthawi imene wasiya kukukhulupirirani. Kalata inatchula golosale imene inabweza katundu, tsiku lake, nambala ya invoisi ndi nambala ya chikalata chobwezera, ndi chifukwa chake, chomwe chinali zigubu za mafuta zodontha. Inatchulanso masitolo awiri amene anali asanalipire pofika tsiku lomaliza la mwezi, iliyonse ndi ngongole yake. Izi zimathandiza mbali zonse. Ngati sitolo ina inalipira kudzera pa foni kapena kubanki koma ndalamayo sinalembedwe pa dzina lake, ejenti ndiye woyamba kudziwa, popeza ndi iye amene amakumana ndi eni masitolowo maso ndi maso.

Pali msampha wina pa mizere iwiriyi. VAT ikachotsedwa pa mzere wachiwiri, chilichonse chochotsedwa pambuyo pake chiyenera kukhalanso chopanda VAT. Katundu wobwezedwa uja pa chikalata chake analembedwa K699,000, chifukwa munali msonkho. Akanachotsa K699,000 pa K10,000,000, msonkho ukanachotsedwa kawiri, ndipo ejenti akanataya K4,950. Ndalamayi ikuoneka yochepa, koma kulakwitsa kotere kumabwerezedwa mwezi ndi mwezi kwa ejenti aliyense wa kampaniyo. Wolemba yankho la mizere iwiri sangakuone, chifukwa iye mwini sanayendemo mu samuyo. Apa ndi pamene ndimaona ubwino wina wa kulemba ndondomeko yonse: imakakamiza kampani kudzifufuza isanauze munthu kuti walakwitsa.

Mzere wachisanu ndi chimodzi umakwiyitsa maejenti ambiri chifukwa amaganiza kuti kampani yasunga ndalamayo. Malamulo a msonkho m'dziko muno amalamula wolipira komishoni kudula 20 peresenti ndalama isanafike m'manja mwa ejenti, ndi kuipereka ku MRA. Choncho K80,000 ija inapita ku boma m'dzina la ejenti, ndipo iye ali ndi ufulu wolandira satifiketi yosonyeza kuti anadulidwa, yomwe imawerengeredwa pa msonkho wake wa pachaka. Kalata inanena zimenezi ndipo inatchula tsiku limene adzalandire satifiketiyo. Onaninso kuti msonkho unawerengeredwa pa K400,000 yonse, adivansi isanachotsedwe, pakuti adivansiyo ndi gawo la komishoni lomwe linangotsogola. Izi zikukhudza ejenti wodziimira payekha. Ngati wogulitsayo ndi wolembedwa ntchito, komishoni yake imalowa m'malipiro ndipo imadulidwa msonkho wa PAYE.

Samu ikafika pa K270,000, ambiri angaganize kuti ntchito yatha. Koma funso la ejenti linali lina. Iye anafunsa kuti K312,500 yake yapita kuti, ndipo kalata yabwino iyenera kuyankha funso limeneli mwachindunji. Tinaonjezera ndime imene inagawa ndalamayo patatu. Gawo loyamba ndi K112,500, imene mgwirizano sunamupatse: K82,500 ya komishoni imene anawerengera pa VAT ndi K30,000 ya katundu wobwezedwa. Gawo lachiwiri ndi K130,000, imene ndi yake ndipo inatuluka kale: K80,000 inapita ku MRA ndipo K50,000 anaitenga pakati pa mwezi kuti athire mafuta m'njinga yamoto. Gawo lachitatu ndi K70,000, imene ikudikira kuti masitolo awiri aja alipire, ndipo akalipira adzalandirapo K56,000 msonkho utadulidwa. Mukaphatikiza magawo atatuwa mupeza K312,500, osatsala tambala. Ndime imeneyi ndi imene ndimaiona yofunika koposa, chifukwa munthu amene ankaganiza kuti waberedwa zonse tsopano akudziwa ndalama yoti aiiwale, yoti akaifunsire satifiketi, ndi yoti aithamangire kwa ogula ake.

Ena amati kalata yotere ndi yaitali, ndipo ikupatsa ejenti malo ambiri oti atsutsirepo. N'zoona kuti tsopano angathe kunena kuti sakugwirizana ndi mzere wachinayi, kapena kuti zigubu zinadontha m'galimoto ya kampani, osati m'manja mwake. Koma mkangano wa mzere umodzi umatha msanga kusiyana ndi mkangano wa mawu akuti "mwandibera". Paja akuluakulu amati mlandu suola: ejenti amene wayankhidwa mwachidule amakhala chete lero, mawa n'kuyamba kusunga ndalama zimene watolera kwa ogula kuti adzilipire yekha, kapena kutengera makasitomala ake kwa opikisana nanu. N'chifukwa chake kalatayo inatha ndi pempho lakuti: "Ngati pali mzere umene simukugwirizana nawo, tiuzeni nambala yake ndipo mubweretse lisiti kapena invoisi yake kuti tiunikire limodzi Lachisanu likudzali."

Pali malire a zimene samu ingachite. Ngati mgwirizano sunanene poyera kuti komishoni ndi ya mtengo wopanda VAT, kapena kuti imadikira wogula alipire, ndiye kuti mzere wachiwiri ndi wachinayi ulibe poima. Pamenepo musabise maganizo anu m'manambala ngati kuti ndi lamulo. Nenani kuti mgwirizano sunafotokoze, onetsani mmene mwakhala mukuwerengera miyezi yam'mbuyo, khalani pansi mugwirizane, ndipo zimene mwagwirizanazo muzilembe ndi kusainirana. Pa mzere uliwonse wochotsa ndalama, wolemba azitha kuloza ndime ya mgwirizano kapena lamulo la boma limene likumulola kutero. Akasowa choloza, ndalamayo aibweze.

Pempho langa kwa eni mabizinesi ndi aakauntanti ndi lakuti musadikire madandaulo. Mizere isanu ndi iwiri ija ikwana pa pepala limodzi, ndipo manambala ake muli nawo kale tsiku limene mukulipira. Muziipereka kwa ejenti aliyense pamodzi ndi komishoni yake mwezi uliwonse. Ndipo inu maejenti, musamalandire ndalama yopanda pepala loonetsa mmene yawerengedwera. Lipempheni mwaulemu, lisungeni pamodzi ndi mainvoisi anu, ndipo muzifunsa satifiketi ya msonkho uliwonse umene mwadulidwa.