Phiri ndilo limaulula komwe kanema anajambulidwa

Mu Julayi 2018 kanema wina woopsa anafalikira pa mafoni mu Africa muno. Ankaonetsa asilikali akuyenda ndi amayi awiri ndi ana awiri mumsewu wafumbi, kenako n'kuwawombera. Panalibe dzina la mudzi, panalibe tsiku, ndipo wojambula sankadziwika. Ena ankati ndi ku Mali, ena ku Cameroon, pomwe boma la Cameroon linati zonsezo ndi bodza. Pofika Seputembala atolankhani a BBC Africa Eye, mothandizana ndi ofufuza ena, anali atapeza msewu weniweniwo. Njira yawo ndikufuna tiidziwe tonse amene timalandira makanema opanda mwini pa WhatsApp.

Iwo anayamba asiya kuyang'ana anthuwo n'kuyang'ana kumbuyo kwawo. M'masekondi 40 oyambirira mukuoneka mapiri, ndipo mzere umene nsonga zake zimalemba kumwamba sufanana ndi wa kwina kulikonse. Nyumba imagwa, mtengo umadulidwa, koma phiri limakhala pomwepo. Wokhala ku Blantyre amasiyanitsa Soche ndi Ndirande osauzidwa, komabe phiri lomwelo limasintha maonekedwe malinga ndi mbali imene waima. Apa ndiye pali phindu lake: mzerewo ukagwirizana, wapeza phiri komanso dera limene wojambula anaima.

Kuchita kwake n'kotere. Imitsa kanema pamene mapiri akuoneka bwino, ujambule zithunzi zingapo, uzilumikize kuti upeze mzere wautali. Tsegula Google Earth Pro pa kompyuta, utsikire pansi pa malo amene ukuwaganizira, upendeketse mapu mpaka uziona mapiri monga munthu woima pansi. Kenaka uzisuntha pang'onopang'ono mpaka nsonga ndi zigwa zigwere pamodzi. Ntchitoyi njotopetsa, ndipo sungasake dziko lonse. Ngakhale a BBC anachita kunong'onezedwa ndi munthu wa ku Cameroon kuti ayang'ane cha ku Zelevet, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, pafupi ndi malire a Nigeria. Choncho funsa anthu, mvetsera chiyankhulo cha m'kanemamo, ona mbali ya msewu imene galimoto zikuyenda ndi zolembedwa pa magolosale, kuti dera lofufuzamo lichepe.

Chimene ndimalemekeza kwambiri n'chakuti sanakhutire ndi phiri lokha. Maso a munthu amene watopa ndi kusaka amayamba kuona kufanana pamene palibe, ndipo ambiri amagwera pomwepa. Mapu a pa kompyuta amasalaza timiyala ndi tinsonga ting'onoting'ono, kamera ya foni imapinda zinthu za m'mbali mwa chithunzi, ndiponso kanema wina amakhala wotembenuzidwa, kumanja kuli kumanzere. N'chifukwa chake iwo anayerekezanso msewu, nyumba ndi mitengo ya m'kanema ndi zithunzi za setilaiti, chimodzichimodzi, zonse n'kupezeka pamalo pake. Kwa ine muyeso ndi womwewo: zinthu zosasuntha zosachepera zitatu, zoima motsatana monga zilili m'kanema. Pakapezeka chimodzi chotsutsa, kaya khoma limene lili mbali yolakwika ya msewu, usachikhululukire. Malowo si amenewo.

Malo akapezeka, nthawi nayo imayamba kuululika, chifukwa Google Earth Pro imasunga zithunzi za zaka zosiyanasiyana. Khoma lina la m'kanemamo linali lisanamangidwe mu Novembala 2014, ndipo nyumba ina yooneka m'kanema inali itagwetsedwa cha mu Febuluwale 2016. Kanjira kena ka miyendo kamaoneka nyengo youma yokha, pakati pa Januwale ndi Epulo. Chomaliza chinali mithunzi ya asilikaliwo. Ukadziwa malo, kumene mthunzi waloza ndi kutalika kwake poyerekeza ndi msinkhu wa munthu zimakuuza pamene dzuwa linali. Mthunzi ukafanana ndi msinkhu, ndiye kuti dzuwa lakwera madigiri 45. Potero anafika pa masiku a pakati pa 20 Malichi ndi 5 Epulo 2015. Koma mthunzi paokha sunena chaka, ndipo dzuwa limadutsa njira yofanana kawiri pachaka. Khoma ndi kanjira kaja ndizo zinathandiza kusankha.

Wina anganene kuti n'kuvutikiranji, bwanji osangoona zimene foni imalemba mkati mwa chithunzi? Zoonadi, foni imatha kusunga malo ndi tsiku, koma chithunzi chikadutsa pa WhatsApp kapena Facebook zimenezo zimafufutika, ndipo chithunzi chojambulidwa pa sikirini chilibe n'komwe malo a kanemayo. Chotsala ndi chimene maso akuona basi.

Amayi aja ndi ana awo anaphedwa mu 2015, boma n'kukana mu 2018, koma msewu utalozedwa pa mapu panalibenso ponamizira dziko lina. Mu Seputembala 2020 khoti la asilikali ku Yaoundé linalamula asilikali anayi kukakhala kundende zaka 10, ndipo wachisanu zaka ziwiri.