Mafuta a mbuzi ndiwo amasankha chakumwa

Loweruka lina mwezi wa Okutobala ndinali ku Kafue, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndi anzanga atatu tinakhala pamthunzi chapafupi ndi msewu waukulu, tikuyang'ana malole akulowera ku Chirundu ndi ku Livingstone. Tinaitanitsa kilo imodzi ya nyama ya mbuzi yowotcha, yomwe kuno amati michopo, ndi nsima mitanda iwiriiwiri. Mnyamata wa pambaula anatifunsa funso limodzi lokha: "Mabwana, ndiike ya mafuta kapena ya mnofu?" Mkulu wathu anayankha kuti asakanize. Kenaka anatembenukira kwa mtsikana wogulitsa mowa n'kunena kuti abweretse Mosi wa pansi penipeni pa firiji, uja wotuluka atavala chipale.

Nthuli zoyambirira zinatsika bwino. Koma pofika pakati pa mbale, mkulu uja anayamba kupukuta m'kamwa ndi lilime ngati mwana amene wadya kandulo. "Mbuzi iyi ndi yokalamba," anatero. Mbuziyo inalibe mlandu. Mlandu unali wa botolo lomwe anali nalo m'manja.

Mafuta a mbuzi amasiyana ndi a nkhumba kapena a nkhuku. A nkhuku amakhala amadzimadzi ngakhale mbale itazizira pang'ono, pomwe a mbuzi, monga a nkhosa, amafuna kutentha kopitirira kwa thupi la munthu kuti asungunuke onse. N'chifukwa chake msuzi wa mbuzi umachita chipale choyera ukangokhalitsa patebulo. Ndiye taganizani: mwatafuna nthuli yonona, mafuta afalikira m'kamwa akadali otentha, inu n'kuthirapo mowa wozizira ngati madzi oundana. Mafuta aja amaumira pomwepo, kumwamba kwa m'kamwa ndi m'milomo. Kuzizirako kumagonetsanso lilime, moti nthuli yotsatira simuimvanso utsi wa makala kapena anyezi, mumangomva mchere.

Sindikunena kuti laga ndi wolakwika pa mbuzi. Mosi ndi Castle ali ndi zinthu ziwiri zimene nyama yonona imafuna: mpweya uja wothetheka umene umakolopa lilime, ndi kuwawa pang'ono kochokera ku maluwa a hopu amene amathira pofulula. Chofunika n'kuleza mtima. Botolo likatuluka m'firiji, lisiyeni patebulo mphindi zisanu kapena khumi, ndipo kutentha kwa Kafue mu Okutobala mphindi zisanu n'zokwanira. Thirani m'tambula kuti mpweya wina utuluke. Ndipo musamwe nthuli ili m'kamwa. Tsatizani kambamu ka nsima yotentha kaye, chifukwa nsima imanyamula mafuta aja n'kutsika nawo, mowa n'kubwera pambuyo kudzatsuka zotsala.

Nsima payokha siikangana ndi chakumwa chilichonse, koma imatenga malo. Mitanda iwiri ya mugaiwa, kuwonjezapo mabotolo atatu a mowa wa mpweya, mimba imakhala ng'oma nyama isanathe. Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga okonda Chibuku. Kunena zoona, kuwawasa kwa Chibuku kumadula mafuta bwino kwambiri, ndipo poti sichimwedwa chozizira kwambiri, mafuta saundana. Koma Chibuku ndi chimanga ndi mapira, nsimanso ndi chimanga. Kuphatikiza ziwirizi kuli ngati kudya nkhomaliro ndi mgonero nthawi imodzi. Ngati mwasankha Shake Shake, nsima isiyeni, idyani michopo yokha ndi tomato ndi anyezi.

Tsiku lija ine ndinatenga Castle Milk Stout, mowa wakuda uja, ndipo ndinaulola kufunda pang'ono. Chimera chake amachikazinga mpaka kuda, n'chifukwa chake umanunkhira ngati khofi, ndipo fungo limenelo limagwirizana ndi mbali zopserera za nthiti. Ulinso ndi shuga wa mu mkaka amene sasanduka mowa pofulula, ndiye umatsekemera pang'ono. Kutsekemera kumeneko ndiko kunandipulumutsa pamene mnyamata uja anabweretsa kambale ka mchere wosakaniza ndi tsabola wopera. Koma ndi mowa wolemera, wa maperesenti 6, ndipo pa nsima botolo limodzi ndi lokwanira. Lachiwiri mumalimwa mukuusa moyo.

Tsabola ndiye amagubuduza nkhani yonse. Chimene chimawotcha mu tsabola sichisungunuka m'madzi, choncho laga amangoziziritsa kwa kamphindi moto n'kubwereranso. Choipa kwambiri n'chakuti chakumwa chikakhala chaukali, motowo umakula. Mnzathu wachitatu, yemwe anabwera ndi botolo la vinyo wofiira kuchokera ku Lusaka, anaphunzira zimenezi misozi ili m'maso. Botololo linali litayenda makilomita oposa 40 pampando wakumbuyo, dzuwa likuliwomba. Vinyo wa maperesenti 14 akafunda choncho amanunkha ngati kachasu, ndipo atakumana ndi tsabola, mnzangayo anaitanitsa madzi.

Komabe vinyoyo anali woyenera mbuzi. Anali Pinotage, mphesa ya ku South Africa imene Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Vinyo wofiira ali ndi kanthu kena kochokera m'makungu ndi m'njere za mphesa, kamene kamaumitsa m'kamwa monga imachitira nthochi yosapsa kapena tiyi wokhalitsa m'ketulo. Mukamumwa wopanda chakudya amakwinyitsa nkhope, koma akakumana ndi nyama yonona kukhakhala kuja kumazirala, mafutanso saonekera kwambiri. Tinapempha ndowa ya madzi ozizira n'kuviikamo botolo lija kwa theka la ola, mtsikana wa mowa akutiseka kuti vinyo wofiira saziziritsa. Lamulo limenelo linabadwira kumaiko kumene chipinda chimakhala pa madigiri 16 kapena 18, osati pansi pa malata ku Kafue pa madigiri 35. Titatsegulanso, mnzanga anakankhira kambale ka tsabola kutali, anatola nthuli ya mwendo yothira mchere wokha, ndipo sanadandaulenso. Shiraz amachitanso chimodzimodzi. Vinyo wotsekemera wa m'makatoni uja amazimitsako tsabola, koma pa nyama ya mchere wokha amakhala ngati mwathira sobo m'ndiwo.

Vinyo ali ndi ubwino wina pa nsima: alibe mpweya, ndiye satupitsa mimba. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu, ndipo tambula imodzi yotero ukali wake umaposa pang'ono wa botolo laling'ono la laga. Anthu amanyengeka chifukwa sakhuta, n'kumathira ngati akumwa thobwa.

Wachinayi wa ife ndiye anali ndi makiyi a galimoto, ndipo msewu wa Kafue kupita ku Lusaka usiku, ndi malole aja, si woyendapo munthu atalawa. Iye anatuma mwana kukagula munkoyo wa tsiku lomwelo kumsika. Ndinalawako kuti ndimuseke, koma ndinakhala chete. Unali wowawasa pang'ono, wotsekemera pang'ono, wosazizira kwambiri, ndipo tsabola unamugonjetsa kuposa zonse zimene zinali patebulopo. Mkulu wathu, yemwe tsopano Mosi wake anali atafunda bwino, anakweza dzanja kuitana mnyamata wa pambaula: "Iwe mwana, wonjezera hafu. Ya mafuta yomweyo."