Tisamuseke mwana wa ku Ndirande, makasitomala ake tinawaphunzitsa ndife

Anzathu a geni, nkhani ya mtsikana uja wa maduveti ndi mapoto ambiri mwaimva zidutswa, ndipo ena mwayamba kale kunena kuti anapusa yekha. Ife taona kuti tiifotokoze bwinobwino, dzina tabisa chifukwa mwini wake akadali ndi manyazi.

Mwanayu amagulitsa ku Blantyre, alibe shopu, malonda ake onse ali pa WhatsApp. Ali ndi gulu la makasitomala limene analiyamba zaka ziwiri zapitazo. Chaka chino analengeza kuti achita selo yaikulu pa Lachisanu lija la kumapeto kwa Novembala, limene pa masitetasi timalilemba kuti Black Friday. Anakwera basi ku Wenela Lachinayi, kutatsala masiku asanu ndi atatu, kupita ku Joni kukaoda.

Ali pamzere wodinditsa pasipoti pa Mwanza, kunabwera uthenga kuchokera pa nambala ya mnzake wa geni amene amamudziwa bwino. Amati, "Sisi, ndakulembetsani ku gulu la maoda otchipa a ku Joni, mwalandira manambala asanu ndi limodzi pa foni, nditumizireni msanga asanatseke." Manambala anabweradi, iye anatumiza. Sanadziwe kuti akaunti ya mnzakeyo inali itabedwa kale, ndipo amene amalemba anali wakuba.

Manambala amenewo ndi kiyi wa akaunti. WhatsApp imawatumiza munthu akamafuna kutsegula nambala yanu pa foni ina, ndipo akangowalowetsa, inu mumatulutsidwa. Palibe gulu, palibe mpikisano, palibe ofesi imene imafuna manambala amenewo.

Apa ndi pamene ulendo wathu wa paboda umatipweteka kuposa anthu ena. Munthu wakhala kunyumba akaberedwa chonchi, amangolembanso nambala yake, uthenga wa manambala atsopano umabwera pa layini yake, akalowetsa wakubayo amatulutsidwa. Zimatha ndi mphindi zochepa. Koma mwana wathuyu anawoloka kulowa Zobue, netiweki ya kwathu n'kuthawa, ndipo layini yake sinatsegulidwe zoti izilandira mauthenga kunja kwa dziko. Foni itamuuza kuti alembenso nambala, iye anangoti ndi vuto la netiweki. Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, njira yonse ali mtulo ndi kuwerengera phindu. Anazindikira Loweruka ku Joni, ataika layini ya kumeneko n'kuimbira mchemwali wake, amene anamufunsa kuti, "Nanga nambala yatsopano ya madipoziti ija ndi ya ndani?"

Wakuba saona macheza anu akale, amenewo amatsala mufoni yanu. Koma magulu onse amene mulimo amawaona, ndi manambala a anthu onse a m'magulumo. Ndiye anangolowa m'gulu la makasitomala n'kulemba ndi dzina la mwanayu, chithunzi chakenso chili pomwepo: katundu ndi wochepa, wofuna kusungiridwa duveti atumize theka lero, layini yanga ili ndi vuto, tumizani pa nambala iyi. Amayi asanu ndi anayi anatumiza.

Tsopano funso lathu ndi ili: n'chifukwa chiyani amayi asanu ndi anayi, anthu akuluakulu osamala ndalama, anatumiza pa nambala yachilendo osaimba n'komwe? Yankho lake likutikhudza tonse. Ndi kangati ife tauza kasitomala kuti "lero tumizani pa nambala ya alamu anga," mawa "tumizani kwa ejenti uyu, ndikatapa pompo," mkuja "ya amuna anga, yanga yadzadza"? Kasitomala tamuzoloweza kuti dzina limene limatuluka asanatsimikize kutumiza ndalama silifunika kufanana ndi dzina la wogulitsa. Tamuzolowezanso changu, "tumizani pano ndili pa shopu, m'China akutseka." Wakuba sanapeke chilichonse, anangolankhula ngati ife.

Ena m'gulu muno akuti wakuba ndi wakuba, angakhale utasamala bwanji adzapeza njira. N'zoona pang'ono. Enanso akuti nambala imodzi sizitheka chifukwa ndalama zimene layini ingasunge zili ndi malire, makamaka nyengo ya selo. Zimenezonso tikuzidziwa, ifenso layini yatidzadzirapo tili pakati pa maoda. Koma yankho lake si kubwereka nambala ya aliyense amene ali pafupi. Khalani ndi manambala awiri, kapena nambala ndi akaunti ya kubanki, zonse m'dzina lanu, muzilembe pamwamba pa gulu, ndipo muuze makasitomala pakamwa, osati kamodzi kokha: mukadzaona dzina lina, ngakhale uthenga utachokera pa nambala yanga, musatumize, imbani mumve mawu anga.

Tibwerere kwa mwana uja, chifukwa mavuto ake sanathere pamenepo. Ali ku Joni analibe njira yochenjezera makasitomala. Manambala ambiri sanawasunge, amangowapeza m'gulu, ndipo mchemwali wake atalemba chenjezo m'gulumo wakubayo anamuchotsa, poti udindo woyang'anira gulu unali wa akaunti yobedwayo yokha. Anaoda katundu mtima uli m'mwamba, anafika pa Mwanza Lachitatu, netiweki itangobwera analemba nambala yake, manambala anabwera, analowetsa. Wakuba anatulutsidwa nthawi yomweyo. Koma foni inafunsanso pini ina ya manambala asanu ndi limodzi imene iye sanaikepo. Anaiika ndi wakubayo. Zikatero, WhatsApp imati udikire masiku 7 kuti ulowe popanda piniyo. Selo inali mkuja.

Pini imeneyi ndi yaulere, ndipo mwini akaunti akaiika yekha, wakuba ngakhale atapeza manambala a mu uthenga amakakamira pakhomo. Mukalowa pa Settings, kenako Account, kenako Two-step verification, mumasankha manambala anu asanu ndi limodzi. Ikaninso imelo imene mumaitsegula, chifukwa mukaiwala piniyo ndi imene imakuthandizani. Musaike chaka chobadwa chanu kapena manambala a kumapeto kwa foni yanu, zimenezo amayamba kuyesa. Chitani zimenezi muli kunyumba, osati muli mu basi.

Ndipo inu amene akaunti yanu ya malonda ili pa layini ya ku Joni imene munagula kalekale n'kuitaya m'dirowa, vuto lanu ndi lomweli koma lobisika. Layini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka ndipo nambalayo itha kupatsidwa kwa munthu wina. Tsiku limene foni idzabedwe kapena kufa, manambala otsegulira adzapita kwa mlendo. Pa Account pomwepo pali Change number, samutsirani akaunti ku layini imene ili m'manja mwanu ndipo inalembetsedwa m'dzina lanu.

Lachisanu la selo mwanayu anayala maduveti pakhonde la kwawo, n'kumagulitsa kwa odutsa ndi kwa makasitomala ochepa amene anawapeza kudzera pa foni ya mchemwali wake. Katundu wambiri anatsala, pamene ndalama yoodera inali ya kubanki m'khonde yofunika kubweza mu Disembala. Amayi asanu ndi anayi aja anabwera ndi mauthenga awo a ndalama m'manja. Iye sanalandire ngakhale tambala, koma anasankha kuwapatsa maduveti pongolipira theka lotsalalo, ndipo nkhani anakaisiya kupolisi pamodzi ndi nambala imene inalandira ndalamazo. Ena mukuti sanayenere kulipira mlandu wa wakuba. Ife tikuti anachita bwino, chifukwa amayi amenewo ndi omwewo amene adzafunse zikwama za sukulu mu Januwale.

Akaunti inabwerera Lachitatu lotsatira. Pano wagula kope la mizere, akulembamo dzina ndi nambala ya kasitomala aliyense, ndipo mchemwali wake wamuika kukhala woyang'anira gulu wachiwiri.