Chimbuuzi sichibisa nambala ya galimoto

Mtolankhani akabwera ndi foda ya zithunzi makumi asanu ndi limodzi, mkonzi n'kumuuza kuti nkhope ndi nambala za galimoto zisaoneke, ambiri amathamangira kuzipaka chimbuuzi. Chimaoneka bwino patsamba, sichiwononga chithunzi. Ine sindichikhulupirira.

Chimbuuzi sichifufuta zonse. Pulogalamu imangotenga timadontho ta chithunzi toyandikana n'kutisakaniza motsata masamu odziwika, ndipo chimene chasakanizidwa mwa dongosolo chimasiya mapazi. Mu 2007 apolisi a ku Germany anabwezeretsa nkhope ya munthu wina wogwirira ana, yemwe ankaipotokola mozungulira pa zithunzi zake kuti asadziwike. Bungwe la Interpol linafalitsa nkhopeyo, ndipo mwezi wa Okutobala chaka chomwecho anamugwira ku Thailand. Pamenepo zinathandiza. Koma luso lomwelo lingavule mayi amene anakuuzani nkhani yake mutamulonjeza kuti sadziwika.

Pa nambala ya galimoto ndiye zimaphweka kwambiri. Nambala zambiri kuno kwathu zili ndi zilembo ziwiri ndi manambala osaposa anayi, olembedwa mofanana pa galimoto zonse. Munthu akangoganizira zilembo ziwirizo, zotsala sizipitirira 10,000. Kompyuta ingathe kulemba nambala iliyonse, kuipaka chimbuuzi chonga chanucho, n'kuona imene yafanana ndi ya pa chithunzi. Imeneyo si ntchito yogonera. N'chifukwa chake ndimati pa nambala ikani kabokosi kakuda. Pansi pake sipatsala choti munthu n'kubwezeretsa.

Tinene kuti munajambula munthu wokhala pampando, kamera itaima pa miyendo yake osasuntha, zithunzi zonse zili 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Tsegulani chimodzi, muone pamene nkhope yayambira ndi pamene yathera. Onjezerani malo mbali zonse, chifukwa munthu akamalankhula amawerama ndi kutembenuka. Pulogalamu yaulere ya ImageMagick imagwira foda yonse kamodzi:

```
mkdir zobisa
magick mogrify -path zobisa -auto-orient -fill black -draw "rectangle 1500,600 2300,1500" -strip *.jpg
```

Manambala anayiwo ndi ngodya ziwiri za kabokosi, yakumtunda kumanzere ndi yakumunsi kumanja, owerengedwa kuchokera pa ngodya yakumtunda kumanzere kwa chithunzi. Kabokosi aka ndi 800 chopingasa, 900 chotsika.

Samalani ndi `-path zobisa`. Mukaiwala, `mogrify` imalemba pamwamba pa zithunzi zanu zenizeni osafunsa, ndipo tsiku limene loya adzafune chithunzi choyambirira mudzangogwira njakata. Nayo `-auto-orient` iyenera kutsogola. Foni ikajambula choimirira, kawirikawiri imasunga chithunzi chogona n'kungolembamo kuti chiziimikidwa poonetsa. Osayamba mwachiimika, kabokosi kamagwera paphewa kapena pakhoma, nkhope ili poyera.

Chimene ambiri sachidziwa ndi ntchito ya `-strip`. Mkati mwa chithunzi kamera imasungamo zambiri zotchedwa EXIF: tsiku, nthawi, mtundu wa foni, nthawi zina ndi malo enieni amene munaima. Imasungamonso kachithunzi kakang'ono ka chithunzi chomwecho, ndipo mapulogalamu ena amakonza chachikulu chokha, kakang'onoko n'kukasiya ndi nkhope yosaphimba. Lamuloli limachotsa zonsezo.

Njira iyi ili ndi malire ake. Imagwira pokhapo pamene chobisidwacho chili pamalo amodzi pa zithunzi zonse. Ngati munajambula minibasi pa depoti, kamera ili m'manja, nambala ili pena apa pena apo, ndipo kabokosi kamodzi sikathandiza. Alipo mapulogalamu odzifunira okha nkhope ndi nambala, monga momwe Google yakhala ikubisira nkhope pa Street View kuyambira 2008. Amafulumizitsa ntchito ndithu, koma amaphonya nkhope yoyang'ana kumbali, ya mumthunzi, yaing'ono kumbuyo kwa gulu, ndi nambala yopindika kapena yodzaza fumbi. Akaphonya sakuuzani.

Ndiye ntchito yeniyeni imatsala kwa inu: kutsegula foda ya `zobisa` n'kuona chithunzi chilichonse mutachikulitsa, osati timazithunzi tating'ono ta pamndandanda. Yang'anani pa galasi la galimoto ndi pa zenera, pomwe nkhope imaonekeranso. Yang'anani nambala yolembedwa ndi penti pambali pa lole, dzina la mwini pa chitseko, baji ya sukulu pa yunifolomu ya mwana. Kumudzi munthu amadziwika ndi chitenje chimene amavala ku tchalitchi komanso khonde la nyumba yake, ngakhale nkhope mutaiphimba yonse. Chithunzi chotero musavutike nacho ndi mabokosi. Chiduleni mpaka patsale manja okha, kapena chichotseni mu foda yopita kwa mkonzi.